Kalembedwe ka Chidziwitso cha Chichewa ndi Chingerezi pa Pepala Limodzi

Amene mumalemba zidziwitso zokhoma pa bolodi la sukulu kapena la tchalitchi kuno ku Dedza, samalani kuti chilankhulo chimodzi chisaoneke ngati chongoperekeza chinzake. Tembenuzani pepala la A4 ligone cham'mbali, muligawe pakati m'madanga awiri ofanana m'lifupi, ndipo pakati pake musiye mpata wa sentimita imodzi ndi theka. Mukaika Chingerezi pamwamba, Chichewa pansi, wowerenga amaona yekha kuti chapansicho n'chongomasulira.

Vuto lenileni ndi kutalika kwa mawu. Kawirikawiri Chichewa chimatenga malo ambiri, moti chidziwitso cha msonkhano wa makolo chimene m'Chingerezi chatenga mizere 8, m'Chichewa chikhoza kufika mizere 11. Apa ambiri amachepetsa zilembo za Chichewa kuti zikwane, ndipo agogo amene abwera kudzamva za mdzukulu wawo amavutika kuziwerenga. Musatero ayi. Yambani mwayala Chichewacho pa kukula kwa 14, kenako Chingerezi chitsate kukula komweko, ngakhale kunsi kwake kutsale malo opanda kanthu. Ndime iliyonse iyambire pa mzere umodzi ndi inzake ya tsidya lina, zimene zimatheka mosavuta mukagwiritsa ntchito tebulo la madanga awiri losaonetsa mizere yake.

Tsiku, nthawi, malo ndi ndalama zilembedwe mokwanira mbali zonse ziwiri. Chidindo ndi siginecha ya mphunzitsi wamkulu zikhale pansi chapakati, chifukwa mbali imene yadindidwa ndi imene anthu amaitenga kuti ndiyo yovomerezeka. Danga la kumanzere limawerengedwa poyamba, choncho ine ndimasinthanasinthana: mwezi uno Chichewa kumanzere, mwezi wamawa Chingerezi.