Akapitawo, kalaliki wa sikelo akadwala pakati pa ntchito layini yake musaitaye pa munthu mmodzi

Izi ndikulembera akapitawo ndi onse oyang'anira pa shedi yoyezera tiyi kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje, kaya ndi pa esiteti kaya ndi pamene alimi ang'onoang'ono amagulitsira masamba. Kuyambira Disembala mpaka Epulo tiyi amachuluka chifukwa cha mvula, ndiye ndi nthawi yomweyonso malungo ndi kutsegula m'mimba zimavuta, ndiye kalaliki kugwa pakati pa ntchito si zachilendo ayi. Vuto ndi loti masamba sadikira munthu. Akakhala othinikizana m'thumba amatentha, amayamba kufiira, pofika ku fakitale mtengo wake wagwa kale kapena akanidwa.

Tiyeni titenge chitsanzo. Muli ndi masikelo 3, otchola 90, layini iliyonse anthu 30. Munthu mmodzi amatenga mphindi 2, kuona masamba, kupachika thumba, kulemba. Mwayamba 11:30, thirakitala ibwera 12:30, zonse zinali zokwanira bwinobwino. Nthawi ikuti 11:50 kalaliki wa sikelo yapakati akuti mutu, chizungulire, thupi latentha. Apa layini iliyonse yatsala ndi anthu 20.

Choyamba ndi munthuyo, osati sikelo. Akhale pansi pa mthunzi, amwe madzi, ndipo wina amuperekeze ku chipatala akayezedwe, musamusiye ayende yekha m'minda ya tiyi muja akumva chizungulire. Ngati akutsegula m'mimba kwambiri mpatseni Thanzi akumwa ali m'njira ndipo asachedwe. Komanso chonde zomuuza kuti limbani pang'ono mumalize layiniyi zisiyeni, munthu wodwala amalemba 18 pamene pali 13, mudzalimbana nazo tsiku la malipiro.

Asanachoke, ngati akutha kuyankhula, tsekani buku lake muli awiri. Jambulani mzere pansi pa dzina lomaliza, lembani nthawi, wonkhetsani makilo onse omwe walemba, sainani. Thumba lomwe linali pa sikelo nthawi yomwe amadwalayo liyezedwenso mwini wake akuona, chifukwa mkangano umayambira pamenepo, wina akuti analemba wina akuti sanalembe. Kumene amagwiritsa ntchito sikelo ya makina, wina asapitirize pa dzina la wodwalayo, aliyense alowe ndi lake. Zonsezi ndi mphindi 5 basi.

Tsopano layini ija. Chomwe ambiri amachita ndi kungokuwa kuti nonse pitani kwa awo, akuloza kalaliki amene ali pafupi kapena amene amadziwika kuti ndi wachangu. Werengani nokha, anthu 20 ake kuphatikiza 20 obwerawo ndi 40, mphindi 80 kuyambira 11:55, adzamaliza cha m'ma 1:15 pamene mnzake wamaliza cha m'ma 12:35 wangokhala. Mukawagawa 10 uku 10 uko aliyense ali ndi 30, ola limodzi, amaliza cha m'ma 12:55. Mwachedwabe koma mwapulumutsa mphindi 20 ndi kugawa kokhako.

Koma kagawidwe kake ndi kamene kamavuta, ndipo apa ndikufuna mumvetsetse. Anthu a pa layini yapakati aja adikira kale mphindi 20 ngati anzawo onse, mayi amene anali woyamba kutsogolo mukamuuza kuti akaime kumbuyo kwa anthu 20 mwamulanga pa mlandu womwe si wake, ndipo savomera, ayamba kulowerera ndiye phokoso, kukankhana, makalaliki asiya kuyeza akuweruza milandu. Njira yabwino ndi kuwalowetsa molukana. Ayimitseni momwe analiri, woyamba apite ku sikelo ya kumanja, wachiwiri kumanzere, wachitatu kumanja, choncho mpaka onse 20 atha. Ndiye pa sikelo iliyonse muziyeza awiri a pa layinipo kenako mmodzi wobwera, awiri kenako mmodzi. Popeza eni layini alipo 20 obwera 10, onse amathera limodzi, palibe gulu lomwe latsalira kumapeto. Lamuloli linenedwe mokweza kamodzi aliyense akumva musanasunthe munthu, ndipo ngati pali agogo kapena mayi wa mwana kumbuyo amene mukufuna atsogole nenaninso poyera nthawi yomweyo, mukachita mwakachetechete anthu amati mwalandira kenakake.

Mphindi 25 zotsalazo tizipeza kuti? Si pothamangitsa makalaliki ayi. Mphindi 2 zija si zoyeza zokha, gawo lina limapita poona ngati masamba ali bwino, masamba awiri ndi nsonga, osati okhwima kapena zitsotso. Ntchito imeneyi ichotseni pa sikelo. Ikani munthu wodziwa masamba, kapena inuyo akapitawo, aziyenda pa layini kuona matumba a anthu asanu akutsogolo asanafike pa sikelo, amene masamba ake akufunika kusankha apatuke akasankhe pambali malo ake muwasungire. Kalaliki atsale ndi kupachika ndi kulemba. Munthu mmodzi akatsika kufika pa mphindi imodzi ndi theka, anthu 30 ndi mphindi 45, kuyambira 11:55 mwamaliza 12:40. Kusiyana ndi thirakitala kwatsala mphindi 10 zokha, ndipo imbani foni kwa dalaivala kapena ku ofesi nthawi yomweyo ya 11:55, osati akafika, kuti mwina ayambe shedi ina kapena afike azikweza matumba oyezedwa kale.

Ena afunsa kuti bwanji akapitawo osangokhala pa sikelo yapakatiyo. Ngati ndinu ololedwa kulemba m'buku ndipo kwatsala anthu ochepa, mwina 10 onse pamodzi, khalanipo mumalize. Koma ndi anthu 60, mukaweramira m'buku palibenso woona kulukana kuja, palibe woyankha foni, palibe woona masamba akutentha. Ndipo kutenga wotchola kumuika pa sikelo chifukwa amadziwa kulemba, zimenezo ine sindigwirizana nazo ngakhale pang'ono, akuyeza masamba a anzake ndi a abale ake, ngakhale atakhala wolungama bwanji anthu sakhulupirira makilo amenewo.

Amene ali kumbuyo kwa layini adikira nthawi yaitali kuposa masiku onse, ndiye matumba awo akhale pa mthunzi, amasule kukamwa, asakhalepo pamwamba komanso asasanjikize. Pisani dzanja pakati pa thumba, mukamva kutentha ayale masambawo pa chinsalu choyera mpaka nthawi yawo itayandikira.

Mudziwa bwanji kuti zikuyenda? Mphindi 10 zilizonse werengani mitu. Sikelo iliyonse iyenera kukhala yachotsa anthu 6 kapena 7. Mukaona uku atsala 17 uko 22, tengani awiri kapena atatu a kumapeto kwenikweni muwasamutse, apakati musawakhudze. Layini ikakhala yosafupika koma kalaliki akuyeza ndithu, ndiye kuti pali olowerera, imani pamenepo. Mukaonanso kalaliki wayamba kufufuta-fufuta m'buku kapena wasiya kubweza sikelo pa ziro, watopa ameneyo, mpatseni mphindi 2 amwe madzi.

Njira imeneyi ndi yopulumutsira kuyeza kumodzi kokha. Makalaliki awiri sangasenze ntchito ya atatu masana ano, mawa ndi mkuja, makamaka Januwale masamba atachuluka. Pa foni ija ya 11:55 pemphani kalaliki wina wa kuyeza kwa madzulo, ndipo ngati palibe, otchola muwagawe magulu awiri, lina lifike pa shedi theka la ola patsogolo pa linzake kuti asaunjikane onse 90 pa masikelo awiri.