Mmene ndinachepetsera mawu pa positala ya kafukufuku

Positala yanga ya pepala lalikulu la A0, yonena za kasungidwe ka chimanga, inali itadzaza mawu moti munthu akaima mamita awiri sankaona poyambira.

Kuchepetsa zilembo sikunathandize. Kusiya timawu tokhatokha kunapha mfundo: "Anankafumbwe. Matumba. Chinyezi." Owerenga ankafunsa kuti ndiye zatani.

Chimene chinathandiza n'chakuti ndinatseka lipoti la kafukufukuyo, n'kusandutsa mutu uliwonse wa pa positalapo kukhala chiganizo chokhala ndi mneni. M'malo mwa "Zotsatira" ndinalemba kuti "Matumba osalowa mpweya anateteza chimanga popanda mankhwala." Pansi pake: "Chifukwa anankafumbwe mpweya ukawathera amafa." Kenako: "Koma chimanga chosauma bwino chinachita nkhungu, choncho yanikani kaye." Timawu ta "chifukwa", "koma" ndi "choncho" musatichotse ngakhale malo achepe, chifukwa ndi timene timalumikiza mfundo ina ndi inzake.

Nditasindikiza pa A4, ndinapempha mnzanga awerenge mitu yokha n'kundifotokozera nkhani yonse. Pamene anakakamira ndinalembanso. Mu PowerPoint kukula kwa zilembo sikunatsike pa 24, ndipo tsatanetsatane wa njira zofufuzira ndinamusamutsira papepala logawira anthu.