Mmene mungapezere ziwerengero za kwanu muli pasukulu kunja

Wophunzira wa ku Ekwendeni akafunsidwa kunja kuti kwawo nkuti, amangoti ku Mzuzu. Pocheza palibe vuto, koma polemba kafukufuku yankho lomweli lingamutengetse nambala yolakwika, chifukwa m'mabuku a boma Ekwendeni ali m'boma la Mzimba, kwa Inkosi Mtwalo, osati mumzinda wa Mzuzu.

Yambani ndi tsamba la ofesi yoona za kalembera ya NSO, yomwe likulu lake lili ku Zomba. Lembani www.nsomalawi.mw ndipo mufufuze lipoti lalikulu la kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2018, lolembedwa kuti "Main Report". Ngati simukulipeza, lembani izi pa Google:

```
site:nsomalawi.mw 2018 census main report
```

Lipotili ndi la PDF. Lisungeni pakompyuta tsiku lomwelo, poti tsamba likhoza kukana kutseguka usiku womwe mukulifuna.

Mukalitsegula, dinani Ctrl+F n'kulemba "Mzuzu City". Mupeza anthu 221,272. Kenako lembani "Mzimba", ndipo muona 940,184. Apa mpamene ambiri amapunthwa. Mzuzu ali ku Mzimba, koma kalembera amawerenga mzindawu paokha, monga amachitiranso ndi mizinda ya Lilongwe, Zomba ndi Blantyre. Choncho anthu a ku Chibavi, ku Luwinga ndi ku Zolozolo mulibe mu 940,184 muja. Ngati nkhani yanu ikukhudza Mzimba pamodzi ndi mzinda, phatikizani nambala ziwirizo mupeze 1,161,456, ndipo munene poyera kuti mwaphatikiza nokha.

Nanga wa ku Ekwendeni uja? Asatenge nambala ya mzinda, komanso ya Mzimba yense yamukulira, poti bomali limafika mpaka ku Jenda. Ayang'ane matebulo ogawa anthu malinga ndi madera a mafumu akuluakulu, olembedwa "TA", apeze mzere wa Mtwalo. Amene kwawo ndi mumzinda mwenimweni ayang'ane mawodi.

Pali njira yodzitsimikizira kuti simunalumphe mzere. Wonkhetsani Chitipa, Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Likoma, Mzimba ndi "Mzuzu City". Zikwane 2,289,780, omwe ndi anthu a chigawo chonse cha kumpoto. Zikapereŵera ndi 221,272, mwasiya mzinda panja.

Za umphawi ndi zaumoyo musazifune m'kalembera. Zimenezo zili m'malipoti a kafukufuku monga IHS5 wa 2019 mpaka 2020, woona za umphawi ndi chuma cha mabanja, ndi MDHS wa 2015 mpaka 2016, woona zaumoyo, omwe anafunsa mabanja osankhidwa chabe, osati khomo lililonse. Nambala zake zingakuuzeni za boma lonse, koma si zoti muzimate pa mudzi wanu kapena dera la mfumu imodzi.

Ine ndimaumirira chinthu chimodzi: pokopera nambala, lembani pomwepo dzina la lipoti, chaka, nambala ya tebulo ndi tsamba lake. Mukaona chiwerengero cha Mzuzu cha chaka china pambuyo pa 2018, onetsetsani ngati pamwamba palembedwa "projected", chifukwa zimenezo nzongoyerekeza kuchokera pa kalembera wa 2018, ndipo polemba muyenera kunena choncho.