Mmene mungachotsere mizere yaitali kuti kalata yanu isaoneke ngati yalembedwa ndi makina

Masiku ano kalata ikafika pa desiki ili ndi mzere wautali uwu (—) pafupifupi m'chiganizo chilichonse, wowerenga amayamba kukayikira asanamve n'komwe zomwe mukupempha. Chifukwa chake n'chosavuta. Mzerewu ulibe batani lakelake pa kiyibodi. Pa Windows pamafunika kugwira `Alt` n'kulemba `0151` pa mabatani a manambala a kumanja, pa foni pamafunika kudina kamzere kakafupi osachotsa chala, ndipo ndi ochepa amadzivutitsa choncho. ChatGPT, pulogalamu yolembera anthu mawu yomwe inatuluka mu 2022, ndi zinzake zinaphunzira pa mabuku ndi nyuzi zambiri za Chingerezi momwe mzerewu uli mbwee, ndiye zimauwaza paliponse, ngakhale zikulemba Chichewa.

Si umboni woti alemba ndi makina ayi. Word nayo imasandutsa `--` kukhala mzere wautali yokha, ndipo ife a ku Tete tinaphunzira ku sukulu kuika mzere womwewu, travesau, poyambira mawu a wolankhula mu Chipwitikizi. Koma mkulu wa ofesi sakufunsani zimenezo.

Yambani ndi kuwerenga kuti mizereyo ilipo ingati. Mu Word tsegulani bokosi lofufuzira mawu, mulembe ichi:

```
^+
```

Likusonyezani mizere yonse. Umodzi kapena iwiri pa tsamba, isiyeni. Ikakhala m'ndime iliyonse, ntchito ilipo.

Apa ndiye pamagwa ambiri. Pali batani la `Substituir tudo` lomwe lingasinthe mizere yonse kukhala mipatuliro kamodzin'kamodzi. Musalikhudze. Lipoti la bungwe lathu la alimi ku Ulongwe linadutsa m'batani limeneli, ndipo mawu a alimi omwe anali mu Chipwitikizi anatuluka akuyamba ndi mpatuliro, pomwe ziganizo zazitali zinangokhala mndandanda wa mipatuliro wopanda popumira. Mzere uliwonse umagwira ntchito yake, choncho uliwonse uonedwe pawokha. Taonani ichi:

"Alimi athu — ambiri mwa iwo ndi amayi — akufuna mbewu ya mbatatesi — osati ndalama — mvula isanayambe."

Mizere iwiri yoyamba yatsekera mfundo yoti ikanatha kuima payokha. Itulutseni ikhale chiganizo. Iwiri yotsatira ikutsutsa chinthu chomwe palibe wanena, khalidwe lomwe makina amalikonda kwambiri. Dzifunseni ngati alipo anatchula ndalama. Ngati palibe, fufutani basi. Ngati nkhaniyo inakambidwadi pa msonkhano, inenedwe bwinobwino. Chimatsala ndi ichi:

"Ambiri mwa alimi athu ndi amayi. Akupempha mbewu ya mbatatesi mvula isanayambe. Ndalama anazikana chifukwa zikafika mochedwa mbewu imakhala itakwera mtengo."

Mawu oti "chifukwa" awo ndiwo akoka nkhani. Mzere wautali umalola wolemba kugundanitsa mfundo ziwiri osanena kuti zikugwirizana bwanji. Mukauchotsa mumakakamizika kusankha pakati pa "chifukwa", "koma", "ndiye" ndi "kutanthauza kuti". Mukaona kuti palibe ngakhale limodzi likukwanapo, ndiye kuti mfundozo sizinali za pamodzi, ikani mpumiro pakati. Travesau wa poyambira mawu a wolankhula, uja amakhala kumayambiriro kwa ndime, musiyeni ali pomwepo.

Mwa njira, samalani ndi anyamata ena a m'mashopu ojambulira mapepala omwe amati "tikuyeretserani" n'kulipiritsa mametikali pa tsamba lililonse. Amangodina batani lomwe ndakuletsani lija. Masamba a pa intaneti oyeza ngati zolemba ndi za makina nawonso amaphonya, ena amanamizira ngakhale zomwe mwalemba ndi dzanja lanu, ndiye mungomalizirapo mamega.

Kenako fufuzani nyenyezi. Mawu okopedwa ku makina amabwera ndi `**` mbali zonse za mawu omwe amayenera kuda kwambiri, nthawi zina ndi `##` pa mitu. Mu Word zimangokhala poyera, ndipo izi zimakugwiritsani msanga kuposa mzere uja. Mu bokosi losinthira lembani `**`, kwinako musiye popanda kanthu. Pano pokha batani losintha zonse lilibe vuto.

Zotsalazo n'zachangu. Madontho awiri oikidwa kuti adzidzimutse, monga "Yankho lake: mbewu", asanduke chiganizo wamba. Mawu obwera atatuatatu nthawi zonse, "mwachangu, mwachilungamo ndi mwadongosolo", sankhanipo omwe mukutanthauzadi. Timipira ta mndandanda m'kalata ya ndime ziwiri tichoke. Mukatha muwerenge mokweza musanakasindikize, ndipo pomwe mpweya wakutherani ikanipo mpumiro.