Momwe mungafupikitsire kontirakiti ya ntchito mnzanu asanasainire

Kontirakiti zambiri kuno ku Malawi zimabwera m'Chingerezi cha maloya, ndipo wopeza ntchito amangothamangira pamene alemba malipiro. Mbale wanu akakupatsani kuti mumuwerengere, mulembereni tsamba limodzi loyankha mafunso atatu: angachotsedwe popanda notisi mpaka liti, kusiya ntchito kudzamudyera ndalama zingati, ndipo akachoka saloledwa kukagwira kuti. Mayankho ake akhale masiku ndi makwacha. Tiyerekeze kuti ndi mchemwali wanu, wapeza ntchito yokonza makompyuta ku Lilongwe, malipiro K450,000 pamwezi, kuyamba pa 1 Malichi.

Yambani ndi pulobeshoni. Gawo 26 la lamulo lolembana ntchito la 2000 limati kwa munthu wa ntchito yaluso pulobeshoni isapitirire miyezi 12, ndipo m'nthawi imeneyi aliyense mwa awiriwa akhoza kuthetsa kontirakiti popanda notisi. Ngati ya mchemwaliyo ndi miyezi isanu ndi umodzi, mulembereni kuti: "Pulobeshoni yako itha pa 31 Ogasiti." Kenako yang'anani ngati abwana adzipatsa mphamvu yowonjezera nthawiyo, komanso ngati akunena kuti munthu amakhala wokhazikika pokhapokha atalandira kalata. Mawu a kalatawa amasautsa anthu ambiri: tsiku limadutsa, kalata osabwera, munthu n'kumagwira ntchito osadziwa pamene waima. Onjezani mzere womuuza kuti sabata yoyamba ya Seputembala akafunse kalatayo molemba.

Chachiwiri ndi notisi, ndipo apa mpofunika kukhalitsa. Gawo 29 limati ngati kontirakiti ilibe tsiku lothera ndipo munthu amalandira pamwezi, notisi yochepetsetsa ndi mwezi umodzi, yolembedwa. Kontirakiti yokhala ndi tsiku lothera, notisi yake isachepere masiku 14. Olandira pasabata kapena patsiku yawo imatengera zaka zomwe agwira. Amenewa ndi malire apansi chabe. Kontirakiti ikhoza kuika nthawi yaitali. N'chifukwa chake muwerenge mbali zonse ziwiri padera. Mukapeza kuti abwana amapereka notisi ya mwezi umodzi koma wantchito ya miyezi itatu, chulukitsani, pakuti gawo 30 limalola kulipira ndalama m'malo mwa notisi. Mulembe motere: "Pulobeshoni ikatha, akakuchotsa mwadzidzidzi, akupatsa K450,000 ya notisi. Iwe ukafuna kuchoka lero lomwe, uwapatsa K1,350,000." Munthu akaona chiwerengero chotere ndi pamene amamvetsa kuti ntchito ina yabwino ikadzapezeka, sadzatha kungonyamuka. Muuzeni apemphe kuti notisi ikhale yofanana mbali zonse. Kupempha zimenezi asanasainire si mwano.

Musaiwale kumuuza kuti notisi ya abwana siigwira ntchito akachotsedwa chifukwa cha mlandu waukulu monga kuba. Komanso pulobeshoni ikatha, notisi payokha siikwanira: gawo 57 limafuna chifukwa chomveka chomuchotsera, ndipo ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito, apatsidwe mwayi wodziyankhira.

Chachitatu ndi ndime yoletsa kukagwira kwa opikisana nawo. Ngati kontirakiti ili pafoni kapena pakompyuta, fufuzani mawu akuti `restraint of trade` kapena `non-compete`, chifukwa nthawi zambiri imabisala kumapeto. Tulutsanimo zinthu zinayi: nthawi yake, dera lake, mtundu wa ntchito yoletsedwa, ndi chilango. Makhothi amalemekeza chiletso chotere ngati chikuteteza chinthu chenicheni cha kampani, monga makasitomala kapena zinsinsi za bizinesi, ndipo sichikupitirira muyeso. Kuletsa mchemwaliyo kunyengerera makasitomala a kampani kwa miyezi isanu ndi umodzi n'komveka. Kumuletsa kukonza makompyuta kulikonse m'Malawi kwa zaka ziwiri n'kumulanda khasu m'manja.

Komabe musalembe kuti "ndime iyi ilibe mphamvu, ingosaina." Wogamula zimenezo ndi khothi, ndipo mlandu umadya ndalama ndi nthawi, kampani yatsopano ikhozanso kuchita mantha ikangolandira kalata ya loya. Lembani zomwe ndimeyo ikunena, ndi zomwe apemphe: nthawi ifupike, dera likhale Lilongwe yokha, ndipo chiletso chisagwire ntchito ngati abwana ndiwo amuchotsa pa pulobeshoni kapena pochepetsa antchito.

Pambali pa mzere uliwonse ikani nambala ya ndime yomwe mwatengako, kuti akakhala pamaso pa a ku ofesi yolemba antchito aloze ndi chala. Zomwe agwirizana kusintha zilembedwe mu kontirakiti momwemo, onse awiri asainire pambali pake, ndipo iye atenge kope lake. Ndime ikakukanikani kumasulira, apite nayo ku ofesi ya leba ya m'boma lake kapena kwa loya tsiku losainira lisanafike.