Musatsegule dandaulo latsopano pa nkhani yakale

Nyengo ino yogula feteleza ndi mbewu, cholakwa chimodzi chafala muno mu Lusaka. Munthu walipira pa foni, ndalama zachoka koma kwa wogulitsa sizinafike. Waimba ku kampani, am'patsa nambala ya dandaulo. Papita masiku, kuli zii. Waimbanso, n'kuyamba kulongosola ngati sanaimbepo, ndipo wolandira foni watsegula dandaulo lina.

Dandaulo latsopano limakaima kumchira, masiku n'kuyamba kuwerengedwanso. Choipa kwambiri, wa m'kati akaona madandaulo awiri ofanana amatseka limodzi, mwina lomwelo limene nambala yake muli nayo. Nkhani ikafika kwa manijala, iye saona munthu amene wadikira milungu itatu, amangoona dandaulo la dzana. Muziti akufulumizireni chifukwa chiyani?

Mlimi wina wa ku Chongwe, wogulitsa matimati pa msika wa Soweto, ndalama zake K2,400 zinakakamira chonchi. Anaimba katatu, manambala atatu. Yoyamba, yofunikayo, anailemba pa katoni, katoniyo n'kupita ndi kasitomala. Atafika ku ofesi m'tauni anawerenga nambala ya mu meseji yotumizira ndalama, akuyesa ndi yomweyo. Ayi. Ija imasonyeza malipiro, ya dandaulo imasonyeza kuti munadandaula komanso tsiku lake. Zonse ziwiri zimafunika. Mvula inagwa feteleza akali m'sitolo.

Khalidwe loti “ndikafotokoza bwino amva” lija litheretu. Kulalatira wa pa kauntala n'kutaya nthawi, alibe mphamvu yobweza ndalama.

Mukaimbanso, mawu oyamba akhale awa: “Ndili ndi dandaulo lotsegula kale, nambala yake ndi iyi, musatsegule lina.” Werengani pang'onopang'ono, wolandira foniyo abwereze, chifukwa 0 ndi O, kapena 1 ndi I, zimasokoneza. Funsani ngati likali lotsegula. Ngati analitseka, alitsegulenso lomwelo, kapena alembe nambala yakale m'latsopanolo.

Tsiku limene analonjeza likadutsa, pemphani woyang'anira wolandira foniyo. Akalephera iyeyo, lembani kalata kapena imelo kwa manijala woona madandaulo. Pamutu ikani nambala yoyamba. M'munsi ndandalikani manambala enawo, nambala iliyonse ndi tsiku lake, amene munalankhula naye ndi chimene analonjeza. Pemphani chinthu chimodzi, monga kubweza K2,400, ndipo tchulani tsiku loti akhale atayankha. Kalata ya pamanja ikhale ndi kope lanu lodindidwa chidindo.

Zikakanika m'kampani, za netiweki pitani nazo ku bungwe loyang'anira za mafoni la ZICTA, za banki ndi ndalama za pa foni ku Bank of Zambia, za katundu wogula ku bungwe loteteza ogula la CCPC. Kawirikawiri kumeneko amayamba kufunsa ngati munadandaula kaye ku kampani, choncho tengani kope lija.