Momwe mungayambirenso masewero olimbitsa thupi ndi kudya moyenera mukuyamwitsa

Amayi ambiri akachira amafulumira kuchepetsa nsima ndi kudumpha chingwe kuti mimba iphwe. Koma chimene chimafunika kulimba poyamba sichioneka ndi maso: ndi minofu ya pansi pa chiuno, imene imagwira chikhodzodzo, chiberekero ndi matumbo. Minofu imeneyi yanyamula mwana miyezi 9 ndipo yatamuka pobereka. Mukailumpha n'kuyamba kuthamanga, mudzaona mkodzo ukudontha potsokomola kapena poseka.

Yambani mukadali m'chikuta, ululu ukangochepa. Gonani chagada, pindani mawondo, kenako finyani kumusi ngati mukuletsa mpweya woipa ndi mkodzo kutuluka, n'kukokera m'kati. Gwirani masekondi 3, masulani kwathunthu, bwerezani ka 10, ndipo muzichita zimenezi katatu pa tsiku. Masabata akamapita onjezerani mpaka masekondi 10. Musabanike mpweya kapena kulimbitsa matako, ndipo musamachite pamene mukukodza chifukwa mkodzo umatsalira m'chikhodzodzo. Kuti musamaiwale, muzichita zimenezi pamene mwana ali kubere.

Kuyenda ndiye kwachiwiri. Mphindi 5 kapena 10 pabwalo zakwana sabata yoyamba, kenako muzionjezera mphindi 5 sabata iliyonse kufikira mphindi 30. Muyeso wanu ndi magazi otuluka mukabereka. Amayamba ofiira, amasanduka otuwirako, kenako oyera. Ngati anali atayamba kutuwa koma mutachapa beseni lodzaza ndi matewera afiiranso, mwachulutsa ntchito. Pumani masiku awiri. Kumbukirani kuti chidebe cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20. Amene munachira ndi opaleshoni musanyamule cholemera kuposa mwana wanu kwa masabata 6, madzi ndi nkhuni asenze ena.

Pa masabata 6, popita ndi mwana kukatemera, pimitsani nanunso ndipo funsani anamwino ngati bala lapola. Pofika sabata ya 8 yesani minofu ya pamimba. Gonani chagada mawondo atapindidwa, ikani zala mopingasa pamwamba pang'ono pa mchombo, dzutsani mutu pang'ono. Mudzamva minofu iwiri ikupana zala zanu. Ngati pakulowa zala zoposa ziwiri, kapena mimba ikutumphuka ngati mzere wa mbatata podzuka, minofuyo sinabwererane. Musachite masewero ogona n'kumadzuka mobwerezabwereza, chifukwa amakankhira matumbo pampata womwewo. M'malo mwake tulutsani mpweya pang'onopang'ono mukukokera mchombo kumsana, gwirani masekondi 10, ka 10, ndipo pemphani kuti akutumizeni kwa a mafizo. Podzuka pamphasa kapena pabedi, yambani mwagona chammbali n'kudzikankha ndi mkono. Kumanga mimba ndi chitenje kumapereka mpumulo, koma sikulimbitsa minofu, ndipo kumangitsa kwambiri kumapanikiza kumusi. Kuthamanga, kudumpha ndi mpira wamanja zidikire miyezi 3, ndipo muyambe pokhapokha mkodzo sukudontha komanso simukumva kulemera kumusi.

Masewero saumitsa mkaka. Yamwitsani kaye musanayambe kuti mabere apepuke, valani kamisolo wogwira bwino, ndipo pukutani thukuta chifukwa ana ena amakana bere lamchere.

Pa chakudya ndi pomwe ambiri amadzipweteka. Kupanga mkaka kumadya mphamvu pafupifupi makalore 500 pa tsiku, n'chifukwa chake azaumoyo amati woyamwitsa azionjezera kudya kawiri pa chakudya cha masiku onse. Tsiku likhoza kuyenda chonchi: m'mawa phala la mgaiwa lothira nsinjiro, cha m'ma 10 koloko nthochi ndi mtedza wodzaza dzanja, masana nsima, usipa ndi bonongwe wotendera, chakumadzulo mbatata ndi peyala, usiku nsima, nyemba ndi nkhwani. Ngati mukufuna kutsitsa thupi, dulani zakumwa zotsekemera, mandasi, tchipisi ndi shuga wochuluka mu tiyi kapena m'thobwa. Pambale ndiwo zichuluke, nsima ikhale mitanda iwiri m'malo mwa inayi. Yambani zimenezi pakatha miyezi iwiri mkaka utakhazikika, ndipo musatsike kuposa theka la kilogalamu pa sabata. Chizungulire, kutopa kwambiri, mwana kunyowetsa matewera osakwana 6 pa tsiku kapena kusakwera kusikelo, zonsezi zikufuna kuti muonjezere chakudya, muyamwitse pafupipafupi ndi kukaonana ndi achipatala.

Imwani kapu ya madzi nthawi iliyonse mukuyamwitsa. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri ndiye kuti sakukwana. Mapiritsi oonjezera magazi amene munalandira mumalize, ndipo tiyi muzimwa patadutsa ola mutadya, chifukwa amalepheretsa thupi kutenga ayironi wa m'nyemba ndi masamba.

Siyani zonse muthamangire kuchipatala ngati padi ikudzaza pasanathe ola, thupi latentha, kumusi kukutuluka zonunkha, katumba wa mwendo umodzi watupa ndipo akupweteka, mukubanika, kapena mutu ukuwawa kwambiri maso n'kumachita chidima.